Vavu Ili ndi Polekezera: Mbiri ya Kuwongolera Makina Molosera

Mu fakitale yoyenga mafuta muli mavavu mazanamazana, ndipo vavu iliyonse ili ndi polekezera. Ikatseguka yonse singatsegukenso kuposa pamenepo, ikatsekeka yatsekeka basi, ndipo pochoka uku kupita uko imatenga nthawi. Pampu nayo ili ndi mlingo umene singapitirire. Mmisiri aliyense wa pafakitale amadziwa zimenezi, koma kwa zaka zambiri masamu owongolera makina ankalembedwa ngati kuti vavu ikhoza kuchita chilichonse chimene yauzidwa. Njira imene mainjiniya amaitchula mwachidule kuti MPC, imene ndi kuwongolera makina polosera zakutsogolo pogwiritsa ntchito modelo, inabadwa pofuna kutseka mpata umenewu. Mbiri yake ndi ya mmene malire a zipangizo anachokera kunja kwa masamu n'kudzakhala mkati mwenimweni mwa masamuwo.

Zisanabwere

Chida chimene chinkasenza ntchito yambiri m'mafakitale, ndipo chikuisenzabe lero, ndi chowongolera cha PID. Chimayang'ana muyezo umodzi, mwachitsanzo kutentha kwa ng'anjo, n'kuuyerekeza ndi pamene pakufunika, kenaka chimasuntha vavu imodzi molingana ndi kusiyanako. Chimagwira bwino ntchito, koma chili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, chimayamba kuchitapo kanthu vuto litaoneka kale. Chachiwiri, sichidziwa kuti vavu yafika polekezera. Mbali ina ya PID imaunjika kusiyana kwa muyezo pamene nthawi ikupita, ndiye vavu ikatseguka yonse koma kutentha n'kukhala kusanafike, mulu uja umangokulirakulira. Kutentha kukadzafika, chowongolera chimachedwa kubweza vavu chifukwa chikuyamba chaphwasula muluwo, ndipo ng'anjo imatentha mopyola. Mainjiniya ankathana ndi vutoli poika zigamba: kachipangizo koletsa kuunjikako, kena kosankha pakati pa zowongolera ziwiri, kenanso kolanda ulamuliro zinthu zikafika pangozi. Pamakina okhala ndi mavavu khumi okhudzana, zigambazo zinkachuluka mpaka munthu kulephera kunena chimene chichitike malire awiri akagundidwa nthawi imodzi.

Cha m'ma 1960, Rudolf Kalman anatulutsa masamu opezera njira yabwino koposa yowongolera makina okhala ndi zolowa ndi zotuluka zambiri. Masamuwo anathandiza kwambiri pa ndege ndi pa zombo za mumlengalenga, koma m'mafakitale a mafuta ndi a mankhwala sanazike mizu. Chifukwa chimodzi chachikulu chinali chakuti analibe malo a malire. Yankho lake linkatha kunena kuti vavu itseguke ndi maperesenti 130, ndipo masamuwo sankaona cholakwika.

Ganizo lothetsera vutoli linalipo kale papepala. Mu 1963, A. I. Propoi wa ku Soviet Union analemba za kugwiritsa ntchito masamu opezera yankho labwino koposa mkati mwa malire, n'kumawabwereza nthawi ndi nthawi. Mu 1967, E. B. Lee ndi L. Markus anafotokoza ganizo lomwelo m'buku lawo: uyeze mmene makina alili tsopano, uwerengere mwachangu dongosolo lonse la zochita, ugwiritse ntchito gawo loyamba lokha, kenaka uyezenso n'kuyambiranso. Chimene chinkasowa ndi kompyuta yotha kumaliza masamuwo nthawi isanathe. N'chifukwa chake njirayi inayamba kugwira ntchito m'mafakitale oyenga mafuta, kumene zinthu zimasintha pang'onopang'ono. Ukasuntha vavu pa nsanja yolekanitsira mafuta, zotsatira zake zimatha kutenga ola kapena kuposa kuti zikhazikike, choncho kompyuta yopereka yankho kamodzi pa mphindi inali yokwanira.

Richalet ndi Cutler

Magulu awiri anafika pa njira imodzimodzi aliyense payekha. Ku Falansa, Jacques Richalet ndi anzake a kukampani ya Adersa anapanga pulogalamu yotchedwa IDCOM. Anaifotokoza pa msonkhano mu 1976, ndipo mu 1978 anailemba m'magazini ya Automatica. Anali ataigwiritsa kale ntchito pa nsanja yolekanitsira mafuta, pa boyila ya fakitale ya magetsi ndi pa fakitale yopanga pulasitiki wa PVC. Ku Amerika, mainjiniya a Shell Oil anali ndi njira yawo imene inayamba kugwira ntchito mu 1973. Charles Cutler ndi B. L. Ramaker anaiulula pa msonkhano wa mainjiniya a zamankhwala mu 1979, ndipo dzina lake linali DMC.

Magulu onsewa anapeza modelo yawo poyesa makina enieniwo. Pa njira ya DMC, injiniya amasuntha vavu imodzi pang'ono, n'kuisiya pamenepo, kenaka amalemba mmene muyezo uliwonse ukusinthira mphindi ndi mphindi mpaka utakhazikika. Akatero amapita pa vavu ina. Mndandanda wa manambala amenewa ndiwo modelo. Poganiza kuti kusuntha vavu kawiri kumabweretsa zotsatira zowirikiza kawiri, ndiponso kuti zotsatira za mavavu osiyana zimangophatikizana, kompyuta imatha kulosera kumene miyezo ikupita chifukwa cha zimene zachitika kale, komanso kumene ingapite ngati mavavu atasunthidwa mwakutimwakuti. Modelo yotereyi oyendetsa makina ankaikhulupirira chifukwa ankaizindikira: inali chithunzi cha zimene amaona tsiku ndi tsiku pa mapepala olemba miyezo.

Richalet ndi anzake ananenanso mfundo imene inatsegula zikwama za eni mafakitale. Phindu la chowongolera chabwino silichokera kwenikweni pa kukhazikika kwa muyezo pakokha. Ngati kutentha kwa ng'anjo kumakwera ndi kutsika ndi madigiri asanu, woyendetsa amakhala kutali ndi malire oopsa ndi madigiri asanu kapena kuposa. Kugwedezeka kuja kukachepa kufika digiri imodzi, akhoza kusendera pafupi ndi malirewo popanda ngozi, ndipo kusenderako ndiko kumachulukitsa zokolola. Fakitale imapanga ndalama zambiri ikamayenda m'mbali mwa malire ake. Chowongolera chosadziwa malire chinali chosadziwa malo enieni amene ntchito imachitikira.

Mtunda woonera umene umasuntha

Pa mphindi iliyonse MPC imachita zinthu zinayi. Imayeza mmene makina alili. Imalosera, pogwiritsa ntchito modelo, zimene zichitike pa mtunda wina wa nthawi, mwina mphindi 30 kapena 60 kutsogolo. Imasankha dongosolo la kusuntha kwa mavavu limene libweretse miyezo pafupi ndi pofunika popanda kuphwanya malire. Ndiye imatumiza ku mavavu sitepe yoyamba yokha ya dongosololo, zotsalazo n'kuzitaya. Mphindi yotsatira imayambiranso, ndipo mtunda woonera uja umakhala utasendera kutsogolo ndi mphindi imodzi. Katswiri wa bawo amachita chimodzimodzi: amawerenga mayendedwe angapo m'mutu, amaseweza amodzi, ndipo mnzake akaseweza amawerenganso kuchokera pa mmene nkhomo zakhalira.

Anthu ambiri amadabwa ndi kutaya kumeneku, koma ndiko kumateteza njira yonse. Modelo siikhala yolondola ndendende, ndipo m'fakitale mumalowa zosokoneza zimene palibe anazilosera. Dongosolo la mphindi 30 likanatsatidwa lonse mosayezanso, zolakwa zikanaunjikana. Komanso sitepe yoyambayo singakhale yabwino ngati inasankhidwa mosaona zotsatira zake kutsogolo. Kulosera kutali kumapatsa sitepe yoyamba nzeru, ndipo kuyezanso kumaibweza pa zenizeni.

Chitsanzo ichi chionetsa mmene mtunda woonera umakhudzirana ndi malire. Tiyerekeze thanki imene ili pakati pa zigawo ziwiri za fakitale. Muli matani 60 a mafuta, ndipo sayenera kupitirira matani 80. Mukulowa matani 10 pa mphindi, pampu ikutulutsanso matani 10. Pampuyo singapitirire matani 14 pa mphindi, ndipo pofuna kusasokoneza chigawo cholandira, siiloledwa kukwera ndi kuposa tani imodzi pa mphindi iliyonse. Tsono chigawo cha kumtunda chasintha ntchito, ndipo modelo ikuonetsa kuti posachedwa mudzalowa matani 16 pa mphindi kwa mphindi khumi.

Chowongolera chodikira kuona vuto chimayamba mochedwa. Pa mphindi yoyamba ya chigumulacho pampu ikadali pa 10, ndipo thanki ikufika pa 66. Pampu ikukwera kufika 11, thanki 71. Ikufika 12, thanki 75. Ikufika 13, thanki 78. Ikufika 14, thanki 80. Apa pampu yafika polekezera, koma mukulowabe matani awiri owonjezera mphindi iliyonse kwa mphindi zisanu zotsala. Thanki ikanathera pa 90, matani khumi kupyola malire.

MPC yoona patali imawerengera chobwerera m'mbuyo. Ikayamba kukweza pampu kutatsala mphindi imodzi yokha, thanki imatsika kufika 59, kenaka imakwera kufika 63 ndi 66, ndipo mphindi zisanu ndi zitatu zotsala zimawonjezera matani 16: mapeto ake ndi 82, kupyolabe. Ikayamba kutatsala mphindi ziwiri, pampu imakhala pa 11 kenaka 12, ndipo thanki imatsika kufika 57 chigumula chisanafike. Pa mphindi yoyamba ya chigumula pampu ili pa 13, thanki ili pa 60. Mphindi zisanu ndi zinayi zotsala, pampu ili pa 14, zimawonjezera matani 18, ndipo thanki imathera pa 78. Woyendetsa makina amaona pampu ikukwera thanki isanayambe kudzaza, ndipo wosadziwa angaganize kuti chowongolera chasokonezeka. Chikukonza malo m'thanki chifukwa chikudziwa kuti pampu idzaperewera.

Tsopano tifupikitse mtunda woonera kukhala mphindi zisanu zokha, ndipo chowongoleracho chikhale chouzidwa kusasuntha pampu pokhapokha malire ali pangozi. Kutatsala mphindi ziwiri, chimaona mphindi ziwiri zabata ndi zitatu za chigumula. Ngakhale osasuntha pampu, thanki ingafike pa 78, choncho sichichita kanthu. Mphindi yotsatira chimaona kuti kukhala chete kubweretsa 84, ndipo chimayamba kukweza pampu. Pa mtunda wake waufupiwo zonse zimaoneka bwino, koma tawerengera kale kuti woyamba nthawi imeneyi sangathere pansi pa 82. Patapita mphindi zingapo, kompyuta imapeza kuti palibe dongosolo lililonse limene lingasunge thanki pansi pa 80. Mphindi imodzi imene inatayika pachiyambi singabwezedwe. Ichi ndicho chifukwa chake mainjiniya amasankha mtunda woonera wotalika mokwanira kuti zotsatira zonse za kusuntha vavu zioneke, nthawi zambiri wofika pamene makina amakhazikika.

Kuyezanso kuli ndi ntchito yakeyake m'chitsanzochi. Ngati modelo inalosera 59 koma muyezo ukuti 59.5, DMC imatenga theka la tani limenelo n'kuliwonjezera pa zolosera zonse zakutsogolo, poganiza kuti chosokonezacho chikhala chomwecho. Pa kutentha kwa ng'anjo ganizo limeneli limagwira ntchito ndithu. Pa thanki limaperewera, chifukwa theka la tani likamaonekanso mphindi iliyonse, ndiye kuti pali mafuta olowa amene sakuwerengedwa, ndipo kusiyanako kuzingokula. Zowongolera za m'mafakitale zinaphunzira kusamalira miyezo younjikana yotereyi mwapadera, pokonza kupendekeka kwa cholosera m'malo mongochikweza.

Malire alowa m'masamu

DMC yoyamba inkapeza yankho lake ndi masamu opanda malire. Inkachepetsa zinthu ziwiri pamodzi: kutalikirana kwa miyezo ndi pofunika, ndi kukula kwa kusuntha kwa mavavu. Chachiwiricho chinkapatsidwa kulemera kwake kuti chowongolera chisamagwedeze mavavu mwaukali. Malire ankasamalidwa mwapambali. Mu 1980, Prett ndi Gillette a ku Shell anafotokoza mmene anagwiritsira ntchito DMC pa chipangizo cha FCC, chimene chimaphwanya mafuta olemera kukhala petulo ndi mafuta ena opepuka. Iwo ankati akaona kuti cholosera chikupita kukaphwanya malire, ankawonjezera mzere wina m'masamu wokankhira zinthu kubwerera. Njirayi inkathandiza, koma inali isanakhale yadongosolo.

Wina angafunse chifukwa chake osangowerengera mopanda malire, kenaka n'kudula yankho pamene vavu ikulekezera. Pa vavu imodzi ndi makina osavuta, kudula kumatha kukwanira. Pa mavavu okhudzana kumasokeretsa, ndipo manambala ochepa akhoza kuonetsa chifukwa chake. Tiyerekeze ng'anjo ya zoyatsira ziwiri, A ndi B, ndi malo awiri oyezera kutentha. Kukweza A ndi sitepe imodzi kumatenthetsa malo oyamba ndi madigiri awiri, achiwiri ndi digiri imodzi. Kukweza B ndi sitepe imodzi kumatenthetsa malo oyamba ndi digiri imodzi, achiwiri ndi madigiri awiri. Tikufuna malo oyamba akwere ndi madigiri 9, achiwiri ndi 6. Masamu opanda malire akuti A ikwere ndi masitepe anayi, B ndi imodzi. Koma vavu ya A yatsala ndi masitepe awiri okha kuti itseguke yonse.

Tikangodula, A ikwera ndi awiri, B ndi imodzi. Malo oyamba akwera ndi madigiri 5, achiwiri ndi 4, kuperewera ndi 4 komanso 2. Cholakwika chili pa B: sitepe yake imodzi inawerengeredwa poganiza kuti A ichita ntchito imene singachite. Masamu odziwa malirewo kuyambira pachiyambi amasiya A pa awiri n'kufunsa kuti B ikhale pati. Pochepetsa zoperewera zonse ziwiri, chilichonse chitachulukitsidwa ndi mwini wake, yankho ndi masitepe 2.6. Malo oyamba akwera ndi 6.6, achiwiri ndi 7.2. Mulingo wa cholakwa watsika kuchoka pa 20 kufika pa 7.2. Ngati malo achiwiri saloledwa kupyola madigiri 6 chifukwa chitsulo cha mapaipi chingawonongeke, malire amenewonso amalowa m'masamu, B imaima pa masitepe awiri, ndipo malo onse awiri amakwera ndi madigiri 6. Ngakhale pamenepo zotsatira zikuposa za kudula pa miyezo yonse iwiri.

Izi n'zimene QDMC inabweretsa. Cutler, Morshedi ndi Haydel anaifotokoza mu 1983, ndipo Carlos García ndi Morshedi anailemba mwatsatanetsatane mu 1986, ndi chitsanzo cha ng'anjo ya zoyatsira zitatu ndi malo atatu oyezera kutentha. Vuto lonse linalembedwa mwa mtundu wa masamu wotchedwa QP, umene umachepetsa mulingo wa cholakwa uku ukulemekeza mndandanda wa malire. Ubwino wa QP yotereyi ndi wakuti ilibe mayankho onyenga otsekereza kompyuta panjira: ikapeza pansi, ndiye pansi penipeni. Malire a zipangizo amalembedwa motere pa sitepe iliyonse ya mtunda woonera:

```
u_min <= u(k) <= u_max
|u(k) - u(k-1)| <= du_max
```

Mzere woyamba ukunena za polekezera pa vavu kapena pampu, wachiwiri za liwiro limene ingasunthire. Popeza chowongolera sichipempha konse chimene vavu singachite, ndipo modelo imadyetsedwa kusuntha kwenikweni, vuto lija la kuunjika limene linkasautsa PID silibwera.

Pamene yankho palibe

QDMC inavumbula vuto latsopano, lomwe lija la thanki yathu: nthawi zina malire onse sangasungidwe pamodzi, ndipo QP imabweza uthenga wakuti yankho palibe. Fakitale singadikire. Mavavu ayenera kuuzidwa chochita mphindi imeneyo.

Chothetsera chinachokera pa kusiyanitsa mitundu iwiri ya malire. Malire a vavu ndi a pampu ali m'manja mwa chowongolera, ndipo nthawi zonse chikhoza kuwasunga, choncho amakhala olimba, osaphwanyika. Malire a miyezo, monga kudzaza kwa thanki kapena kutentha, amadaliranso zosokoneza zimene chowongolera sichilamulira. Amenewa amafewetsedwa powonjezera nambala yololera kupyola, imene imalipitsidwa mtengo waukulu m'masamu:

```
y(k) <= y_max + s,  s >= 0
```

Pamene malire angathe kusungidwa, mtengo ukakhala waukulu mokwanira ndi woikidwa moyenera, `s` imakhala ziro. Pamene sangathe, chowongolera chimapyola pang'ono momwe chingathere. Pa thanki ija chikanakankhira pampu pa liwiro lake lonse n'kuthera pa 82, ndipo woyendetsa makina akanaona pa sikirini, mphindi zingapo zisanachitike, kuti malire apyoledwa ndi matani awiri. Nthawi imeneyo ndi yokwanira kuuza a kumtunda kuti achepetse. N'chifukwa chakenso malire olembedwa m'chowongolera amaikidwa mkati mwa malire enieni angozi, ndipo zida zozimitsa makina pangozi zimakhala zapadera, zosadalira MPC.

Zowongolera za kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, monga IDCOM-M ya kampani ya Setpoint ndi SMOC ya Shell, zinapita patsogolo pa nkhani zotere. M'badwo umenewu unabweretsa kusanja malire motsatira kufunika kwake, kuti zinthu zikathina chowongolera chidziwe oyamba kuwasiya. Chitetezo cha zipangizo chimakhala pamwamba, ubwino wa katundu pambuyo pake, kuchuluka kwa zokolola pamapeto. Kusanjaku si ntchito ya masamu. Amakuchita ndi anthu odziwa fakitaleyo, ndipo kukalakwika chowongolera chimasunga mokhulupirika chinthu chosafunika n'kusiya chofunika.

Chitsimikizo chinabwera pambuyo

Njirayi inagwira ntchito m'mafakitale kwa zaka zoposa khumi akatswiri a m'mayunivesite asanatsimikize bwino nthawi imene ili yodalirika. Funso lawo linali lomveka: dongosolo lililonse likhoza kukhala labwino koposa pa mtunda wake, koma masitepe oyamba okhaokha akalumikizidwa, n'chiyani chikutsimikiza kuti makina akhazikika ndiponso kuti mawa yankho lidzapezeka? Thanki ya mtunda wa mphindi zisanu yaonetsa kuti nthawi zina palibe chotsimikiza. Keerthi ndi Gilbert mu 1988, Mayne ndi Michalska mu 1990, ndi Rawlings ndi Muske mu 1993 anayankha funsoli mbali ndi mbali, ndipo mu 2000 David Mayne, James Rawlings, Christopher Rao ndi Pierre Scokaert anasonkhanitsa mayankhowo m'nkhani imodzi mu Automatica. Mfundo yake ndi yakuti mapeto a mtunda woonera asasiyidwe opanda mlonda. Dongosolo liyenera kuthera pamalo pamene chowongolera wamba chingapitirize popanda kugunda malire, ndipo mtengo wa nthawi yonse yotsala kuseri kwa mtundawo uyenera kuwerengedwa. Zikatero, mchira wa dongosolo la lero umakhala dongosolo lovomerezeka la mawa, ndipo mtengo wonse umatsika sitepe ndi sitepe.

Nthawi yonseyi malonda ankakula. Cutler anachoka ku Shell n'kuyambitsa kampani yake mu 1984, ndipo mu 1996 AspenTech inagula kampaniyo pamodzi ndi Setpoint, n'kutulutsa DMCplus. Joe Qin ndi Thomas Badgwell, m'kafukufuku wawo wofalitsidwa mu 2003, anawerenga malo oposa 4,600 ogwiritsa ntchito MPC malinga ndi zimene ogulitsa ananena pofika 1999, ndipo gawo lalikulu koposa linali la mafakitale oyenga mafuta. Chotchinga chotsala chinali liwiro. Mu 2002, Alberto Bemporad, Manfred Morari, Vivek Dua ndi Efstratios Pistikopoulos anaonetsa kuti pa mavuto ang'onoang'ono mayankho onse a QP akhoza kuwerengeredwa pasadakhale n'kusungidwa m'zigawozigawo, kuti makina azingoyang'ana chigawo chimene ali. Njira zothetsera QP mwachangu nazo zinapita patsogolo, mpaka masamu amene ankafuna mphindi yathunthu anayamba kutha m'tizigawo tating'ono ta sekondi. Mu 2018 General Motors inayamba kuika MPC m'mainjini a magalimoto ogulitsidwa ambirimbiri.

Zimene zimalakwikabe

Liwiro la kompyuta silinachotse mavuto awiri akale. Loyamba ndi malire abodza. Kawirikawiri MPC siigwira vavu mwachindunji, imauza PID ya pansi pake mlingo wofunika, mwachitsanzo matani 14 pa mphindi. Ngati sefa yatsekeka pang'ono ndipo vavu yatseguka kale yonse pa matani 13, MPC imapitiriza kuwerengera tani imene kulibe. Chizindikiro chake chimaoneka pa sikirini: mlingo wopemphedwa ukukwera, mlingo weniweni waima, vavu ili pa maperesenti 100. Mainjiniya odziwa amabweza uthenga wa kufika polekezera kwa PID ku MPC, kapena amaika katsegukidwe ka vavu pa mndandanda wa miyezo yokhala ndi malire. Vavu yomata, imene imakana kusuntha kenaka n'kudumpha, imabweretsa kugwedezeka kosatha kumene kusintha manambala a chowongolera sikungathetse. Imafuna mmisiri ndi sipanala.

Lachiwiri ndi modelo yokalamba. Mapaipi amachita utsiru mkati, katalisiti amafooka, mtundu wa mafuta osayenga umasintha, ndipo manambala amene anayezedwa zaka zitatu zapitazo sanenanso zoona. Modelo ikamaganiza kuti vavu ili ndi mphamvu zochepa kuposa zenizeni, chowongolera chimaisuntha mopyola, n'kubweza, n'kupyolanso. Ikamaganiza kuti mphamvu zake n'zambiri, chimayenda mwaulesi ndipo chimachedwa kuteteza malire. Pofufuza, injiniya amayerekeza cholosera ndi muyezo weniweni nthawi iliyonse vavu inayake ikasuntha. Kusiyana kukamagwera mbali imodzimodzi mobwerezabwereza, gawo la modelo la vavu imeneyo ndilo lawonongeka. Chizindikiro china n'chosavuta kuwerenga: oyendetsa makina amayamba kupanikiza malire a mavavu mpaka chowongolera chilibe poyendera, kapena amangochizimitsa usiku. Mafakitale ambiri amawerengera maola amene MPC yakhala yoyaka pa chifukwa chimenechi. Mankhwala ake ndi omwe aja a m'zaka za m'ma 1970: kubwerera ku makina, kusuntha mavavu mwadala ndi mosamala, kulemba mmene miyezo ikuyankhira, ndi kukhala pansi ndi oyendetsa makina kuunika malire aliwonse kuti aone ngati akadali enieni.